Musasaine kontilakiti musanaone pa pulobeshoni ndi notisi

Anzanga, akakupatsani kontilakiti musamangoyang'ana pa salale basi nkusaina, pitani kaye pamene alemba za pulobeshoni. Onani ngati alemba miyezi yeniyeni, tinene miyezi 3, komanso ngati pali mawu oti bwana atha kuonjezera nthawiyo. Mawu amenewo akakhala opanda malire mutha kukhala pa pulobeshoni mpaka kalekale, ndiye pemphani alembe kuti akhoza kuonjezera kangati komanso kuti ikatha akupatsani kalata yokutsimikizani pantchito, zapakamwa zokha musadalire.

Kenako notisi, apa mpamene anthu amalira. Nthawi zambiri imakhala iwiri, yaifupi muli pa pulobeshoni ndi yaitali akakutsimikizani. Tiyerekeze alemba kuti iwo akakuchotsani notisi ndi sabata imodzi koma inu mukafuna kusiya ndi miyezi 3, mukapeza ntchito ina yoti muyambe mwezi wamawa ndiye kuti miyezi 2 yotsalayo atha kukuuzani mulipire ngati muli mawu olipira mmalo mwa notisi. Ine zoterozo ndimapempha zifanane mbali zonse.

Pa zochotsedwa ntchito onani milandu yomwe akuti atha kukuchotsani pompopompo popanda notisi, ngati kuba kapena ndewu, ndipo akalemba kuti zina zili m'buku la malamulo a kampani pemphani bukulo muwerenge musanasaine. Malamulo a ntchito amasiyana dziko ndi dziko, ndiye yerekezani ndi akwanu, kope yosainidwa musunge.