Mmene mungafupikitsire silaidi kuti iwerengeke pa foni

Alembi ambiri a mipingo ndi a mabungwe a maliro kuno ku Harare amakonza masilaidi oonetsa pakhoma tsiku la msonkhano. Msonkhano ukatha, amatenga masilaidi omwewo n'kuwaponya pa gulu la WhatsApp kuti amene anatsala ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Epworth aone zomwe zagwirizanidwa. Posakhalitsa mafunso amayamba kugwa: "Kodi akuti ndalama zingati?" Yankho lilimo m'silaidimo, koma zilembo zachepa kwambiri moti agogo sangazione.

Chimene chimachitika n'choti silaidi ya PowerPoint, ngati simunaisinthe, imakhala masentimita pafupifupi 34 m'lifupi ndi 19 m'litali. Sikirini ya foni wamba, itagwiridwa choimirira monga aliyense amagwirira, ndi masentimita ngati 7 basi m'lifupi. Ndiye kuti chilichonse chimachepa pafupifupi kasanu. Zilembo za saizi 18, zomwe zimaoneka bwinobwino pakhoma, pa foni zimasanduka za saizi yosafika 4, pomwe nyuzipepala imasindikizidwa ndi saizi ya cha m'ma 9. Ena amati munthu atha kutembenuza foni kapena kukuza chithunzi ndi zala. N'zoona, koma amene ali m'kombi kapena akugulitsa ku Mbare Musika sachita zimenezo, amangodutsa.

Choncho musanakhudze mawu, sinthani kaye maonekedwe a silaidi. Pangani kope ya fayilo, kuti yoonetsa pakhoma ikhale momwe ilili. Mu PowerPoint pitani pa Design, kenako Slide Size, kenako Custom Slide Size, ndipo lembani masentimita 19 pa Width ndi 19 pa Height. Mu Google Slides zili pa File, Page setup, Custom. Ife timalangiza mbali zofanana chonchi chifukwa chithunzi chachitali kwambiri chimaoneka chodulidwa m'macheza mpaka munthu atachitsegula, ndipo chodulidwacho nthawi zambiri chimakhala mutu kapena tsiku. Chachitalicho chisungireni Status.

Tsopano silaidi ikuchepa mosafika katatu. Zilembo za saizi 28 zifika pa foni zili cha m'ma 10, zowerengeka popanda kutsinzinira. Mutu uikeni pa 40, ndipo pasapezeke chilichonse chotsika pa 24. Mukasiya malire a sentimita imodzi ndi theka mbali zonse, mzere umodzi umatenga zilembo pafupifupi 30. Chichewa chathu chili ndi mawu ataliatali, liwu ngati "tikukudziwitsani" lokha ladya theka la mzere, kotero yembekezerani mawu anayi kapena asanu pa mzere. Mizere 6 kapena 7 pansi pa mutu ndi yokwanira. Mwachidule, muli ndi malo a mawu 25 mpaka 30.

Pali msampha umodzi pano. PowerPoint ikaona kuti mawu achuluka, imachepetsa yokha zilembo kuti zikwane m'bokosi, inu osazindikira. Dinani bokosilo ndi batani lakumanja, sankhani Format Shape, ndipo pa Text Box ikani Do not Autofit. Mukatero mawu akachuluka amasefukira kunja kwa bokosi, ndipo mumadziwa kuti muyenera kudula.

Tiyeni tione chitsanzo. Tiyerekeze kuti silaidi ya bungwe la maliro inali ndi mawu awa:

"Komiti yayikulu ikufuna kudziwitsa mamembala onse okondedwa kuti potsatira zokambirana zomwe zinachitika pa msonkhano wathu wapitawu, komanso poona kukwera kwa mitengo ya mabokosi ndi mayendedwe, zagwirizanidwa kuti chopereka cha mwezi ndi mwezi chikwere kuchoka pa madola atatu kufika pa madola asanu kuyambira mwezi wamawa. Onse amene ali ndi ngongole akupemphedwa kuti alipire kwa msungichuma pasanafike Loweruka likubwerali. Zikomo kwambiri chifukwa cha mgwirizano wanu."

Mawuwa ndi opitirira 60. Musayambe n'kufufuta liwu limodzilimodzi, mutopa pachabe ndipo chotsalacho chikhala chopunduka. Tsekani silaidiyo, mudzifunse kuti membala akawerenga achite chiyani, liti, kwa yani, ndi ndalama zingati. Lembani mayankho okhawo:

Chopereka chakwera: US$5 pamwezi
Kale: US$3
Kuyambira 1 Julayi
Ngongole: lipirani kwa msungichuma pasanafike Loweruka, 28 Juni
Chifukwa: mabokosi ndi mayendedwe zakwera mtengo

Mutu wanyamula nkhani yonse. Mutu woti "Chidziwitso" kapena "Za chopereka" sunena kanthu, chikhalirecho ndi mzere wokhawo umene aliyense amauwerenga. Zomwe zachoka ndi mawu olowera ("ikufuna kudziwitsa", "potsatira zokambirana") ndi kuthokoza kwa kumapeto. Manambala alembedwa ngati manambala, chifukwa diso limagwira 5 msanga kuposa "asanu".

Onaninso kuti zinthu ziwiri zawonjezeka m'malo mochepa. "Mwezi wamawa" ndi "Loweruka likubwerali" zasanduka madeti enieni, popeza chithunzi chimatumizidwa ku magulu ena ndipo wina adzachiona patapita masabata awiri, Lowerukalo litadutsa kalekale. Chachiwiri ndi mtundu wa ndalama. Kuno kumene dola ya ku America ikuyendera limodzi ndi ZiG, nambala yopanda US$ kapena ZiG ndi mkangano ndi msungichuma. Pofupikitsa musadulenso mawu okaniza ndi oika malire, monga "osati", "okhawo" ndi "pokhapokha". Mukachotsa "okhawo amene analipira" pa uthenga wonena za olandira thandizo, mwalonjeza aliyense.

Ena amada nkhawa kuti uthenga wotere ukuoneka wamwano kwa akuluakulu. Nkhawayo ndi yomveka, koma ulemu uli ndi malo ake. Moni ndi kuthokoza zilembeni mu uthenga wotsagana ndi chithunzicho: "Moni makolo ndi abale nonse, nazi zomwe tagwirizana." Pansi pa silaidi penipenipo lembani dzina la bungwe basi, kuti chithunzi chikayenda chokha anthu adziwe kumene chachokera. Ngati achinyamata a m'bungwemo amawerenga bwino Chishona, apangireni silaidi yawo. Zilankhulo ziwiri pa silaidi imodzi zimakubwezerani ku zilembo zing'onozing'ono zija.

Tebulo la ndalama la mizere 12 silingafupike. Tengani manambala atatu, zolowa, zotuluka ndi zotsala, ndipo tebulo lonselo lipite padera ngati PDF kwa olifuna.

Potumiza, musaponye fayilo ya .pptx. Mafoni ambiri alibe pulogalamu yoitsegulira, ndipo pamene yatseguka zilembo zimasintha, mizere n'kusokonekera. Pa File sankhani Save As, mtundu wa PNG kapena JPEG, kenako All Slides. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye data yambiri, ndipo zoyamba kufufutika ndi zilembo zopyapyala komanso mawu olembedwa pamwamba pa chithunzi cha maluwa kapena cha tchalitchi. Zilembo zakuda zonenepa ngati Arial pa malo oyera zimapirira, ngakhale pa sikirini yosweka, padzuwa. Zithunzi zinayi kapena kuposerapo zikatumizidwa nthawi imodzi zimaunjikidwa pamodzi n'kuoneka ting'onoting'ono, choncho yesetsani kuti zisapitirire zitatu, ndipo pakona lembani 1/3, 2/3, 3/3.

Musanatumize ku gulu, dzitumizireni nokha, kapena tumizani ku foni yaing'ono kwambiri imene ili pakhomopo. Mupatse munthu wamkulu amene sanali ku msonkhano, awerenge osakuza chithunzi, kenako mumufunse kuti alipira zingati ndipo liti. Akayamba kutambasula sikirini ndi zala ziwiri, bwererani mukachotse mzere wina ndi kukuza zilembo.