Kuyesa mtengo pa olembetsa atsopano

"Ndikufuna kukweza mtengo wa mwezi kwa olembetsa atsopano. Ndiyese kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndiziyang'ana chiyani?"

Choyamba, gawani alendo atsopano m'magulu awiri ofanana mwamaere: ena aone mtengo wakale, ena watsopano. Munthu akabweranso, apeze mtengo womwe anauona poyamba. Musasinthe china chilichonse.

Musanayambe, sankhiranitu tsiku losiya kulowetsa anthu. Werengani masabata athunthu, awiri kapena anayi, chifukwa ogula a pakati pa sabata amasiyana ndi a Loweruka. Musaimitse msanga poona kuti gulu lina latsogola. Masiku oyambirira manambala amadumphadumpha. Mukatseka, dikirani mpaka omaliza kulowa alipirenso kawiri. Apa ndi pamene ambiri amafulumira, chonsecho mtengo wokwera umatha kuthamangitsa anthu pa malipiro achiwiri.

Muyeso waukulu ukhale ndalama zonse zolowa, mutachotsa zobwezedwa, pogawa ndi alendo onse a gululo, osati olembetsa okha.

Tiyerekeze kuti gulu lililonse lili ndi alendo 5,000. Pa mtengo wa 10 alembetsa 200, pa 12 alembetsa 180. Mwezi woyamba ndi 2,000 kwa 2,160, ndipo wokwerawo ukuoneka wopambana. Koma mwezi wachiwiri akatsala 160 ndi 110, zolowa ndi 1,600 kwa 1,320. Pamodzi ndi 3,600 kwa 3,480, wakale uja watsogola. Kusiyana kochepa chotere pa anthu 200 kungakhale mwayi chabe, choncho onjezerani alendo musanagamule.