I2C kapena SPI? Momwe mungasankhire polumikiza sensa ndi chipu chosungira pa ESP32

Malume anga ali ndi nyumba yapulasitiki yolimamo tomato cha ku Mitundu. Chaka chatha mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, maluwa a tomato ankangoyoyoka, ndipo anandipempha kuti ndiwapangire kachipangizo kolemba kutentha ndi chinyezi cha m'nyumbamo mphindi 10 zilizonse. Ndinali ndi bodi ya ESP32, sensa ya BME280, kawotchi ka DS3231 ndi chipu chosungira cha W25Q32. Funso linali loti chiti ndichilumikize pa I2C, chiti pa SPI. Ndikuonetsani momwe ndinasankhira, ndi pomwe ndinapunthwa.

Njira ziwirizi zimafanana pa chinthu chimodzi: bodi ndiyo imaimba ng'oma. Pali waya wa wotchi umene bodi imaukweza ndi kuutsitsa, ndipo biti iliyonse imayenda motsatira kugunda kumeneko. I2C inachokera ku kampani ya Philips mu 1982 ndipo imafuna mawaya awiri okha, `SDA` wonyamula uthenga ndi `SCL` wa wotchi. Zipangizo zonse zimakhala pa mawaya omwewo, chilichonse ndi adilesi yake, ndipo bodi imayamba ndi kutchula adilesi ya chimene ikuchifuna. SPI inachokera ku Motorola ndipo imafuna mawaya anayi: `SCK` wa wotchi, `MOSI` wopita ku chipangizo, `MISO` wobwera kuchokera ku chipangizo, ndi `CS` wosankhira. Kumeneku kulibe adilesi. Chipangizo chilichonse chili ndi waya wakewake wa `CS`, ndipo bodi ikautsitsa, chimenecho ndicho chimalankhula.

Choyamba, werengani mapini. Pa I2C, kaya zipangizo ndi ziwiri kaya zisanu, mapini ndi awiri basi. Pa ESP32 nthawi zambiri ndi 21 wa `SDA` ndi 22 wa `SCL`. Pa SPI mumapereka mapini atatu ogawana (18, 19 ndi 23), kenako pini imodzi pa chipangizo chilichonse, motero zipangizo zitatu zimadya mapini asanu ndi imodzi. ESP32 ili ndi mapini okwanira, choncho apa sindinachedwepo. Kawotchi ka DS3231 kamangodziwa I2C, W25Q32 imangodziwa SPI. Chokhacho chimene chinali ndi mbali ziwiri ndi BME280, yomwe imatha zonse.

Chachiwiri, werengani kuchuluka kwa zimene mudzasunge, chifukwa apa ndi pomwe kusankha kwenikweni kuli. Kabodi ka DS3231 kamene kamagulitsidwa kwambiri kamabwera ndi kachipu kosungira ka AT24C32 kumbuyo kwake, ka I2C, kosunga mabayiti 4,096. Poyamba ndinkaganiza zongogwiritsa ntchito kameneko kuti ndisavutike ndi mawaya ena anayi. Ndinatenga pepala. Mzere umodzi, wokhala ndi nthawi, kutentha, chinyezi ndi mphamvu ya mpweya, ndinaupatsa mabayiti 16. Mphindi 10 zilizonse ndiye kuti mizere 144 patsiku, mabayiti 2,304. Kachipu kaja kakanadzaza masiku awiri asanathe, pomwe ine ku Mitundu ndimapitako kamodzi pamwezi ngati zayenda bwino. W25Q32 imasunga mabayiti 4,194,304, omwe pa mlingo womwewo ndi masiku pafupifupi 1,820, zaka zisanu kuchotsako pang'ono.

Liwiro nalo likulozera komweko. I2C wamba imagunda ka 100,000 pa sekondi, ndipo bayiti iliyonse imadya kugunda 9, chifukwa kwachisanu ndi chinayi ndi kwa chipangizo kuvomera kuti chalandira. Mutati muwerenge mabayiti mamiliyoni anayi aja pa liwiro limeneli, mungadikire mphindi zopitirira 6. Pa SPI, ngakhale mutaika liwiro lodziletsa la kugunda 8,000,000 pa sekondi, mawayawo amanyamula zonsezo m'masekondi anayi ndi pang'ono. Koma BME280 imatumiza mabayiti 8 okha pa muyeso umodzi. Kuipatsa SPI kuli ngati kubwereka lole kuti ikanyamule chigubu chimodzi cha madzi. Ndiye sensa ndi wotchi ndinaziika pa I2C, chosungira pa SPI. Bodi imodzi imayendetsa zonse ziwiri popanda vuto.

Chachitatu, musanalembe pulogalamu yaikulu, funsani mbali iliyonse ngati ikuyankha. Pa I2C ndi zosavuta chifukwa cha kuvomera kuja. Kapulogalamu aka kamaitana maadilesi onse:

```
Serial.begin(115200);
Wire.begin(21, 22);
for (byte a = 1; a < 127; a++) {
  Wire.beginTransmission(a);
  if (Wire.endTransmission() == 0) Serial.println(a, HEX);
}
```

Kwa ine panatuluka `57`, `68` ndi `76`: kachipu ka kumbuyo kwa wotchi, wotchiyo, ndi BME280. Sensa imeneyi imatha kukhalanso pa `77`, malinga ndi komwe pini yake ya `SDO` yalumikizidwa. Chenjerani ndi maadilesi ofanana. Sensa ya MPU6050 nayo imayambira pa `0x68` monga DS3231, ndipo ziwirizi zikakhala pamodzi zimayankhira limodzi, inu n'kumalandira manambala opanda mutu, pomwe pulogalamu yofufuza ija ikuonetsa adilesi imodzi yooneka yabwinobwino. Mankhwala ake ndi kukweza pini ya `AD0` kuti isamukire pa `0x69`.

SPI ilibe kuvomera kulikonse. Bodi imatumiza ngakhale kutsogoloko kulibe chipu, ndipo sidandaula. Ndiye muyenera kufunsa funso limene yankho lake mukulidziwa kale. Pa W25Q32 funsolo ndi lamulo la `0x9F`, lofunsa dzina la chipu. Apa `CS` ili pa pini 5:

```
SPI.begin();
pinMode(5, OUTPUT);
digitalWrite(5, HIGH);
delay(10);
digitalWrite(5, LOW);
SPI.transfer(0x9F);
byte a = SPI.transfer(0), b = SPI.transfer(0), c = SPI.transfer(0);
digitalWrite(5, HIGH);
```

Yankho loyenera ndi `EF 40 16`. Mukaona `FF FF FF` kapena `00 00 00`, palibe amene wakuyankhani. Yang'anani ngati simunasemphanitse `MOSI` ndi `MISO`, ngati pini 5 mwaiika kukhala `OUTPUT`, ndipo ngati chipu chili chokha chopanda kabodi, onani kuti mapini ake a `WP` ndi `HOLD` ali pa mavoliti 3.3. Manambala akabwera koma olakwika pang'ono, ganizirani za kagundidwe ka wotchi: SPI ili ndi mitundu inayi, ndipo chipu ichi chimamva `SPI_MODE0` ndi `SPI_MODE3` zokha.

Patebulo kunyumba ku Area 25 zonse zinayenda. Vuto linayamba nditafika kumunda.

Bokosi la bodi ndinalikhomera pamtengo pafupi ndi khomo, pamthunzi, koma sensa inayenera kulendewera pakati pa tomato, mamita atatu kuchoka pamenepo. Ndinaiwonjezera ndi chingwe chakale cha mawaya anayi chimene ndinali nacho m'chikwama. Nditayatsa, sensa inkaoneka, kenako n'kusowa, kenako n'kuonekanso. Malume anaima pambali manja ali kumbuyo, n'kungoti, "Kodi mphwanga, kachinthu kako kakuopa kutentha?"

Sikunali kutentha. Pa I2C palibe chipangizo chimene chimakankhira waya m'mwamba. Zipangizo zimangotha kuukokera pansi, ndipo zikausiya, rezisita yolumikizidwa ku mavoliti 3.3 ndiyo imaukweza. Waya wautali umasunga magetsi pang'ono ngati kapasita, ndiye rezisita imatenga nthawi kuti iudzaze. Malamulo a I2C amati kapasitansi ya waya isapitirire mapikofaladi 400, ndipo pa liwiro la 100,000 kukwerako kusadutse maikulosekondi imodzi. Nthawiyo, `t`, imawerengedwa motere, pomwe `R` ndi rezisita ndipo `C` ndi kapasitansi:

```
t = 0.8473 * R * C
```

Tiyerekeze kuti chingwe ndi zipangizo zonse pamodzi zafika mapikofaladi 350. Ndi rezisita ya maomu 4,700, yomwe ndi imene anthu ambiri amaika, kukwera kumatenga maikulosekondi 1.4, ndiye mwadutsa malire. Ndi maomu 2,200 kumatsika kufika pa 0.65, mwalowa. Koma mukakweza liwiro kufika pa 400,000, malire amakhala 0.3, ndipo ngakhale 2,200 sikwanira. M'pulogalamu yanga ndinali nditaika liwiro limenelo ndili kunyumba, pofuna kungoona ngati zitheka, n'kuiwala kulibweza. Ndinalemba `Wire.setClock(100000);` ndipo kusowasowa kuja kunachepa, koma sikunatheretu.

Chotsatira ndi kuyeza rezisita imene ilipo kale, osangoganizira. Timabodi tambiri timabwera ndi marezisita ake, ndipo mukatilumikiza pamodzi marezisitawo amagwirizana n'kupanga imodzi yocheperapo. Zimitsani magetsi, ikani malitimita pakati pa `SDA` ndi waya wa 3.3, muwerenge, kenako chitaninso chimodzimodzi pa `SCL`. Ine ndinawonjezera rezisita pa waya uliwonse mpaka malitimita inaonetsa pafupifupi 2,000. Musatsike mopitirira muyeso: zipangizo za I2C wamba zimayembekezeredwa kukoka mamiliampeya atatu okha, zomwe pa mavoliti 3.3 zikutanthauza kuti pansi pa maomu 1,000 musafikepo. Ndinasinthanso kayalidwe ka mawaya m'chingwe kuti `SDA` ndi `SCL` asagundane, waya wa `GND` ukhale pakati pawo, chifukwa kugunda kwa wotchi kumadumphira pa waya woyandikana nawo. Kuyambira pamenepo sensa sinasowenso.

Wina angafunse kuti bwanji sindinangosamutsira sensayo ku SPI, poti kumeneko mapini amakankha okha m'mwamba ndi pansi popanda rezisita. Zikanafuna chingwe cha mawaya asanu ndi limodzi, ndipo choipa kwambiri n'chakuti mamita atatu aja akanalendewera pa `SCK` ndi `MISO` omwe W25Q32 ikugwiritsa ntchito, n'kundikakamiza kutsitsa liwiro. Kugunda kwakuthwa kwa SPI pa waya wautali kumabwerera ngati mawu m'phanga, ndipo chipu chimatha kuwerenga kugunda kumodzi ngati kuwiri. Njira zonse ziwirizi anazipangira zipangizo zoyandikana m'bokosi limodzi. Mamita atatu pa I2C yodekha ndi kupempha chifundo kale; ikanakhala mamita 20 ndikanaika bodi yachiwiri pafupi ndi sensa, kapena kugwiritsa ntchito RS-485, njira yopangidwira mawaya aatali. W25Q32 ndinaisiya pa mawaya osapitirira masentimita 10.

Chomaliza chili pa kalembedwe ka mu W25Q32, chifukwa malo ambiri aja ali ndi mtengo wake. Mu AT24C32 mumangolemba bayiti pamwamba pa yakale. Muno ayi: kulemba kumangosintha biti kuchoka pa 1 kupita pa 0, ndiye malo ayenera kufufutidwa kaye, ndipo kachigawo kakang'ono kwambiri kofufutika ndi ka mabayiti 4,096, ndi lamulo la `0x20`. Musanafufute kapena kulemba, nthawi iliyonse tumizani `0x06`, apo ayi chipu chimangonyalanyaza mwakachetechete. Lamulo lolembera, `0x02`, limagwira ntchito mkati mwa tsamba la mabayiti 256, ndipo mukadutsa mapeto a tsamba, zotsalazo zimabwerera koyambirira kwa tsamba lomwelo n'kuwononga zimene munalemba kale. N'chifukwa chake mzere wanga ndinaupatsa mabayiti 16 ngakhale 14 akanakwana: mizere 16 imadzaza tsamba ndendende, palibe umene umadumpha malire. Malo ofufutidwa amawerengeka `FF`, choncho magetsi akazima n'kuyakanso, pulogalamu imafufuza mzere woyamba umene uli `FF` yokhayokha n'kupitirizira pomwepo.