Mamineti a msonkhano wa maliro: chenjerani ndi "tigwirizane"

Anzanga amene mumamasulira mamineti a mabungwe athu kuno ku Joni, ndikuuzeni zomwe zinandivuta ine. Msonkhano wa bungwe lathu la maliro ku Rosettenville unatenga maola 4, mlembi analemba m'Chichewa, ine ndimasulire m'Chingerezi chifukwa akubanki amafuna kuona chigamulo tisanasinthe osayinira.

Vuto lili pa verebu. Pena mlembi analemba "a msungichuma anati tikweze chopereka kufika R150", pena "tinagwirizana kukweza". Choyambacho ndi ganizo la munthu mmodzi basi, chachiwiri ndiye chigamulo, ukazisakaniza mawa anthu akangana kuti tinavomereza liti ndalama imeneyi. Ine pomasulira chigamulo ndimachiika pamzere wakewake, ndi dzina la wopereka ganizo, womuthandizira komanso mavoti ngati analembedwa.

Chinanso ulemu wathu uja. "Anati" akhoza kukhala gogo mmodzi kapena gulu, Chingerezi chimafuna udziwe ndani, mwamuna kapena mkazi. Osaganizira, muimbireni mlembi, apo ayi lembani udindo wake.

Ndiye pali "zionedwa" zija, iii. Ntchito ikhale ndi mwini wake ndi tsiku. Mlembi akalemba "Loweruka likubwerali", onani deti la msonkhano muike deti lenileni, koma ngati sanatchule munthu musamupange nokha, siyani mpata tcheyamani adzaze asanasayine.