Kugula Thumba la Indekisi Mwezi ndi Mwezi: Momwe Mungalembere Zogula ndi Kudziwa Mtengo Wanu Weniweni

Thumba la indekisi ndi thumba la masheya lomwe silisankha makampani, limangotsata mndandanda wodziwika kale. S&P 500, mwachitsanzo, ndi mndandanda wa makampani akuluakulu pafupifupi 500 a ku America, ndipo thumba lotsata mndandandawu limagula masheya a makampani onsewo malinga ndi kukula kwawo. Inu mumagula mayuniti, kutanthauza magawo ang'onoang'ono a thumbalo. Njira yomwe tikufotokoza pano ndi yoika ndalama yofanana pa tsiku lofanana mwezi uliwonse, mtengo ukwere kapena utsike, kenako n'kulemba chilichonse chogulidwa m'failo kudzera pa kapulogalamu kakang'ono komwe kamawerengera kuti yuniti imodzi yakudyerani zingati kuyambira pomwe munayamba.

Kugulako musakupereke kwa kapulogalamuka. Makampani ambiri ogulira anthu masheya ali ndi dongosolo loti muwalamule kamodzi kuti azigula okha mwezi uliwonse, ndipo dongosolo lawolo n'lodalirika kuposa kompyuta ya panyumba yomwe ingakhale yozima pa tsikulo. Kapulogalamu kanu ntchito yake n'kusunga kaundula basi, ndipo sikafunika mawu achinsinsi a akaunti yanu.

Musanakhazikitse lamulo logula

Sankhani tsiku logwa masiku awiri kapena atatu malipiro anu atalowa. Ndalama yochoka ku banki imatenga nthawi kuti ifike ku akaunti ya masheya, ndipo lamulo logula likapeza akaunti ilibe ndalama yokwanira, kawirikawiri limangolephera mwezi umenewo. Tsikulo likagwa Loweruka, Lamlungu kapena pa holide, msika umakhala wotseka ndipo kugula kumachitika tsiku lotsatira la ntchito. Choncho tsiku lolemba m'kaundula ndi lomwe lili pa chikalata chotsimikizira kugula, osati lomwe munakonza.

Funsaninso zinthu ziwiri. Choyamba ndi komishoni. Ngati kampani imadula ndalama yokhazikika, tinene 3 pa kugula kulikonse, pa ndalama yokwana 300 imeneyo ndi 1 peresenti, koma pa 50 ndi 6 peresenti. Amene ali ndi 50 pamwezi ndi bwino asonkhanitse n'kumagula kamodzi pa miyezi ingapo kusiyana n'kutaya gawo lalikulu chotere ulendo uliwonse. Chachiwiri n'chakuti kodi amalola kugula zidutswa za yuniti. Akalola, ndalama yonse imalowa m'thumba. Akakana, mumagula mayuniti athunthu okha ndipo chenji chimatsala mu akaunti, zomwe zimasintha nambala yolemba m'kaundula monga tionere kutsogoloku.

Avareji imene anthu amaiphonya

Tiyerekeze kuti mukuika 300 mwezi uliwonse, mtundu wa ndalama ulibe kanthu, ndipo poyamba tiiwale za komishoni. Mwezi woyamba yuniti ikugulitsidwa pa 50, mwapeza mayuniti 6. Wachiwiri mtengo wagwa kufika pa 40, mwapeza 7.5. Wachitatu wakwera kufika pa 60, mwapeza 5 okha. Wachinayi wabwerera pa 50, mwapezanso 6.

Ambiri amaphatikiza mitengo inayi ija, 50, 40, 60 ndi 50, n'kugawa ndi 4, n'kunena kuti avareji yawo ndi 50. Si choncho. Mwalipira 1200 ndipo muli ndi mayuniti 24.5, ndiye yuniti imodzi yakudyerani 1200 kugawa ndi 24.5, yomwe ndi 48.98. Kusiyanaku kumabwera chifukwa ndalama yofanana imagula mayuniti ambiri mtengo ukakhala wotsika ndi ochepa ukakhala wokwera, motero mwezi wa 40 uli ndi mphamvu zambiri pa avareji kuposa mwezi wa 60. Ukakhala wopanda komishoni, mtengo wanu supitirira avareji wamba ya mitengo, ndipo umafanana nayo pokhapokha mtengo utakhala wosasintha miyezi yonse.

Tsopano bwezeranimo komishoni ya 3. Pa 300 iliyonse, 297 ndi yomwe ikugula. Mayuniti akhala 5.94, 7.425, 4.95 ndi 5.94, onse pamodzi 24.255. Ndalama yotuluka m'thumba mwanu ikadali 1200, ndiye avareji yakwera kufika pa 49.47. Komishoni ya 1 peresenti yadya pafupifupi theka la kusiyana kuja. N'chifukwa chake m'kaundula timalemba ndalama yonse yomwe yachoka, komishoni ili momwemo.

Kapulogalamu

Kalembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Python 3 ndipo sikafuna china chilichonse chowonjezera. Kasungeni ndi dzina loti `lemba.py`.

```python
import csv, os, sys
from decimal import Decimal as D

FAILO = "zogula.csv"
tsiku, ndalama, mayuniti = sys.argv[1], D(sys.argv[2]), D(sys.argv[3])
akale = []
if os.path.exists(FAILO):
    with open(FAILO, newline="") as f:
        akale = [m for m in csv.reader(f) if m]
if any(m[0] == tsiku for m in akale):
    sys.exit("Tsikuli linalembedwa kale")
n = ndalama + sum(D(m[1]) for m in akale)
u = mayuniti + sum(D(m[2]) for m in akale)
avareji = (n / u).quantize(D("0.0001"))
with open(FAILO, "a", newline="") as f:
    csv.writer(f).writerow([tsiku, ndalama, mayuniti, n, u, avareji])
print(n, u, avareji)
```

Chikalata chotsimikizira kugula chikafika, tsegulani malo olembera malamulo pa kompyuta, lowani m'foda momwe muli kapulogalamuka, ndipo lembani tsiku, ndalama yonse ndi mayuniti, motsatana choncho:

```
python3 lemba.py 2025-01-06 300 5.94
python3 lemba.py 2025-02-05 300 7.425
```

Mzere woyamba ukupatsani avareji ya 50.5051, wachiwiri 44.8934. Mukalowetsa miyezi inayi yonse muyenera kuona `1200 24.255 49.4743`. Yesani ndi manambala amenewa kaye musanalowetse anu enieni, kenako fufutani failo ya `zogula.csv` n'kuyamba mwatsopano.

Onani kuti kapulogalamuka sikafunsa mtengo wa yuniti. Tachita dala. Mtengo womwe mumaona pa nyuzi kapena pa foni si womwe munagulira. Matumba ogulitsidwa pa msika ngati masheya amasintha mtengo tsiku lonse, pomwe matumba ena amaikidwa mtengo kamodzi patsiku msika ukatseka. Komanso kampani iliyonse ili ndi malo ake podulira manambala a pambuyo pa dontho. Mukamawerengera nokha mayuniti, pakutha pa zaka zingapo kaundula wanu amasiyana ndi wa kampani. Koperani mayuniti monga alembedwera pa chikalata, manambala onse.

`Decimal` ili pamenepo chifukwa manambala wamba a dontho mu Python sasungidwa ndendende: lembani `0.1 + 0.2` muone yankho la `0.30000000000000004`. Pa ndalama zoonjezana mwezi ndi mwezi, tizidutswa totere sitifunika. Onaninso kuti avareji yatsopano siichokera pa avareji yakale yomwe inadulidwa kale. Nthawi iliyonse kapulogalamuka kamaphatikiza ndalama zonse ndi mayuniti onse kuchokera pa mzere woyamba, choncho mukakonza nambala yolakwika pa mzere wakale, mzere wotsatira womwe mulembe utuluka wolondola, ngakhale mizere ya pakati ikhalabe ndi avareji yakale ija.

Pomwe kaundula amasokonekera

Kampani yogulitsa mayuniti athunthu okha ndi msampha woyamba. Mwezi wa 40 uja, 297 ikanagula mayuniti 7 pa 280, kuphatikiza komishoni n'kukhala 283. Lembani 283, osati 300. Ndalama 17 yotsalayo sinagule kanthu, idzalembedwa mwezi womwe idzagwire ntchito.

Kugulitsa ndiye kumasocheretsa kwambiri. Tinene mwagulitsa mayuniti 10 pa mtengo wa 60 n'kulandira 600. Mukalemba kuti mwachotsa 600 ndi mayuniti 10, kaundula anena kuti otsala 14.255 anakudyerani 600, ndiye avareji igwa kufika pa 42.09, zomwe n'zabodza. Kugulitsa sikusintha mtengo womwe munagulira mayuniti otsala. Chochotsa ndi mtengo wogulira wa mayuniti ogulitsidwawo, 10 kuchulukitsa ndi 49.4743, ndiye lembani `-494.74` ndi `-10`. Avareji ikhalabe pa 49.47, ndipo kusiyana kwa 600 ndi 494.74, komwe ndi 105.26, ndi phindu lanu musanachotse komishoni yogulitsira. Limeneli lilembeni pena. Mukagulitsa zonse musalowetse mzere, poti kapulogalamuka kalephera kugawa ndi ziro. Tsekani failoyo, mukadzayambanso mudzatsegule ina.

Nthawi zina thumba limagawa yuniti imodzi kukhala awiri kapena kuposerapo. Ikagawidwa pawiri, mtengo pa msika umaoneka ngati wagwa ndi theka tsiku limodzi, koma chuma chanu sichinasinthe. Lowetsani ndalama `0` ndi mayuniti owonjezerekawo, pa chitsanzo cha komishoni chija, tisanagulitse kanthu, `24.255`, ndipo avareji itsika kufika pa 24.74. Phindu lomwe thumba lagawa n'kuguliranso mayuniti lilembeni ngati kugula wamba, ndalama yake ndi mayuniti ake. Zoterezi zikagwa tsiku limodzi ndi kugula kwa pamwezi, kapulogalamuka kakana poganiza kuti mwabwereza. Onjezani chilembo kumapeto kwa tsiku, monga `2025-06-05b`.

Zina n'zazing'ono koma zimachitika. Failo imodzi ikhale ya thumba limodzi ndi mtundu umodzi wa ndalama. Mukayendetsa kapulogalamuka muli m'foda ina, kapanga failo yatsopano kumeneko mwakachetechete, ndipo mudzazindikira poona kuti ndalama yonse yangofanana ndi ya mwezi umodzi. Mankhwala ake n'kulemba njira yonse ya failo pa mzere wa `FAILO`. Mukatsegula failoyo mu Excel, onani chabe osasunga, chifukwa imatha kusintha kalembedwe ka masiku, ndiye chotetezera kubwereza chija chimaleka kugwira.

Kamodzi pa miyezi itatu yerekezani mayuniti a pa mzere womaliza ndi omwe ali pa lipoti la kampani. Ayenera kufanana mpaka nambala yomaliza. Akasiyana ndi kuchuluka kofanana ndi kugula kwa mwezi umodzi, pali mwezi womwe munadumpha kapena womwe lamulo linalephera. Akasiyana pang'ono, yang'anani phindu loguliranso mayuniti lomwe simunalilembe.

Zomwe avareji siikuuzani

Kugula motere sikuteteza ku kuluza. Mtengo ukamatsika miyezi yotsatizana kuyambira pomwe munayamba, avareji yanu imatsika nawo koma mochedwa, ndipo imakhalabe pamwamba pa mtengo wa pa msika. Komanso mayuniti akamachuluka, kugula kwa mwezi umodzi kumasuntha avareji pang'ono zedi: mwezi wachiwiri unaitsitsa kuchoka pa 50.51 kufika pa 44.89, koma pakatha zaka zisanu 300 yomweyo idzakhala gawo limodzi chabe mwa magawo 61 a ndalama zonse. Amene ali kale ndi ndalama yambiri m'manja adziwenso kuti kuigawa m'miyezi kumatanthauza kuti gawo lina likudikira panja, ndipo msika ukamakwera amagula modula kuposa akanaika yonse pachiyambi. Pa za msonkho, maiko ena salola avareji powerengera phindu, amafuna kuti mayuniti oyamba kugulidwa aziwerengedwa kuti ndi oyamba kugulitsidwa. Failoyi imathandizabe pamenepo, poti kugula kulikonse kuli pa mzere wake ndi tsiku lake, koma zikalata za kampani zisungeni chifukwa ndi zomwe a msonkho amafuna kuona.