Mukulitse zilembo pa foni ya agogo musanawaikire TalkBack

Agogo anga anasiya kuwerenga mauthenga pa foni, ankangodikira wina abwere awawerengere. Ndinawakonzera m'mphindi zisanu zokha.

Pa foni ya Android, lowani mu Settings, kenako Accessibility kapena Display. Musangokulitsa Font size yokha, chifukwa imakulitsa zilembo koma mabatani amakhalabe aang'ono. Kwezaninso Display size, pa mafoni ena imalembedwa Screen zoom. Chitani izi mwini foni ali pompo, foni ili m'manja mwake, ndipo muzikweza pang'onopang'ono mpaka awerenge uthenga osafinya maso. Musafike kumapeto kwenikweni: mawu amaduka ndipo mabatani ena amabisala pansi.

Ngati maso awo akutopabe, yatsani Select to Speak. Amadina kachizindikiro, n'kukhudza uthenga, foni n'kuwawerengera mokweza. China chilichonse chimagwira ntchito monga kale. Dziwani kuti mawu achichewa imawatchula mopotoka, choncho yesani kaye ndi uthenga weniweni.

Chenjerani ndi TalkBack, pulogalamu inanso yowerenga mokweza zimene zili pa foni. Iyi ndi ya munthu amene saona n'komwe, ndipo imasintha kagwiritsidwe kake konse: kukhudza kamodzi kumangosankha, kutsegula n'kugogoda kawiri, kutsitsa tsamba n'zala ziwiri. Ine ndinayamba ndi iyi, agogo anaganiza kuti foni yawonongeka. Ikayaka mwangozi, pa mafoni ambiri mumasindikiza mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi atatu, imazima.