Momwe mungatetezere kamera ndi zipangizo zina zapakhomo zolumikizidwa ku intaneti

Mu 2016, pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi marauta ambirimbiri. Inkangoyesa mayina ndi mapasiwedi pafupifupi 60 amene zipangizo zimachoka nawo kufakitale, monga `admin` ndi `12345`, n'kulowa. Tiyerekeze kuti mwangogula kamera yoyang'anira pakhomo.

Choyamba, musanaikhome pakhoma, sinthani mapasiwedi atatu: a kamerayo, a akaunti ya apu yake, ndi olowera mu rauta. Achitatuwa ambiri amawaiwala, chonsecho amene walowa mu rauta walamulira nyumba yonse. Pasiwedi iliyonse ikhale yakeyake, ya zilembo zosachepera 16. Mawu anayi osagwirizana amakumbukika mosavuta kusiyana ndi zizindikiro zosokonekera. Kamera yokana kusinthidwa pasiwedi, ine ndingati ibwezeni.

Kenako ipatseni kamerayo netiweki yakeyake. Lembani `192.168.0.1` kapena `192.168.1.1` mu bulawuza (adiresi yeniyeni kawirikawiri imalembedwa kunsi kwa rauta), mupeze `Guest Network`. Iyatseni, musankhe `WPA2` kapena `WPA3`, ndipo muike pa 2.4 GHz poti zipangizo zambiri zotere sizigwira 5 GHz, kenako mulumikize kamerayo ku netiweki ya alendoyi. Mukaona batani lolola alendo kufikira netiweki yam'nyumba, lizimitseni. Cholinga chake n'chakuti kamera ikalowedwa, wakubayo asadutsirepo kukafika pa laputopu imene mumasungamo mafayilo ndi zakubanki. Pali vuto limodzi: zipangizo zina, monga TV yolandira kanema kuchokera pafoni, zimafuna kuti foniyo ikhale pa netiweki yomweyo. Zikakana, lumikizani foni ku netiweki ya alendoyo kwa kanthawi. Musagwetse mpanda wonse.

Tsopano makomo, omwe ndi njira zokhala ndi manambala zolowera mu netiweki yanu kuchokera pa intaneti. Rauta imakana aliyense wogogoda kuchokera kunja, pokhapokha wina atatsegula khomo. Pitani pa `Port Forwarding` mufufute mzere uliwonse wolozera ku kamera, makamaka wa nambala 23, 80 kapena 554. Khomo la 23 ndi lomwe Mirai inkalowerapo, pamene la 554 limatulutsa kanema weniweniyo. Zimitsaninso `UPnP`, chifukwa imalola kamera kudzitsegulira khomo yokha inu osadziwa. Chitani chimodzimodzi ndi `DMZ` komanso `Remote Management`, kenako muzimitse rauta n'kuiyatsanso.

Mudzaonerabe kamera muli kutali, poti makamera ambiri amadzilumikiza okha ku seva ya kampani yawo ndipo apu imadzera komweko. Ngati yanu siitero, gwiritsani ntchito VPN ya pa rauta, yomwe ndi njira yotetezedwa yolowera mu netiweki yakunyumba muli kutali.

Pomaliza, yesani. Koperani adiresi ya pa `WAN IP` mu rauta, zimitsani Wi-Fi pafoni, muyatse data, mulembe adiresiyo mu bulawuza. Tsamba lofunsa pasiwedi ya kamera kapena ya rauta likatuluka, ndiye kuti khomo lina likadali pululu. Bwererani pa `Port Forwarding` ndi `Remote Management` mukaonenso.